Mmene ndinakonzera chidule cha lipoti la pulojekiti yanga ya chaka chomaliza

Pulojekiti yanga inali yophunzitsa kompyuta kuzindikira masamba a chimanga odyedwa ndi mbozi, pogwiritsa ntchito zithunzi za m'minda ya kwathu ku Mchinji. Chidule cha koyambirira kwa lipoti aphunzitsi anandibwezera atalemba funso limodzi: "Nanga mwapezapo chiyani?" Theka lake linkangofotokoza za kufunika kwa ulimi.

Ndinayesa kufupikitsa ziganizo, kenako kudula zigawo za mawu oyamba n'kuzilumikiza. Sizinathandize.

Ndiye ndinatenga pepala ndi cholembera basi, n'kuyankha mafunso anayi, lililonse m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri: vuto n'chiyani, zithunzi n'zingati ndipo zinachokera kuti, ndinagwiritsa ntchito njira iti, ndipo zotsatira n'zotani. Njira yanga inali MobileNetV2, pulogalamu ya pakompyuta imene imaphunzira kuzindikira zinthu pa zithunzi.

Funso lomalizali ndi limene linasintha zonse. Poyamba ndinangolemba accuracy yokha, kutanthauza kuti pa zithunzi zonse makina anayankha molondola zingati. Koma masamba abwino anali ambiri kwambiri kuposa odyedwa, ndipo pamene masamba 90 pa 100 ali abwino, makina ongoyankha kuti "labwino" nthawi zonse amapeza 90 peresenti osazindikira mbozi n'imodzi yomwe. Choncho ndinaikamo recall ya masamba odyedwa, kutanthauza kuti pa odyedwa enieni makina anagwira angati, poti mlimi chimene amaopa ndi mbozi yodutsa osaoneka. Ndinanenanso poyera kuti nambalazo zinachokera pa zithunzi zimene makina sanazionepo pophunzira.

Pamapeto ndinawonjezera kuti zithunzi zonse ndinajambula masana ndi foni imodzi, choncho pa foni ina zotsatira zikhoza kutsika. Aphunzitsi anachilandira.