Kukongoletsa holo ya tchalitchi pa Khirisimasi thumba lili lopepuka

Komiti yokongoletsa ikapatsidwa ndalama zochepa, kawirikawiri imathamangira kukagula mabaluni ndi mapepala amitundumitundu, n'kumwaza pakhoma lililonse. Ndalama zimatha, koma holo imaonekabe yopanda kanthu. Chifukwa chake n'chakuti anthu akakhala pansi onse amayang'ana kumodzi, kutsogolo. Kongoletsani kumeneko mokwanira, muonjezere pakhomo lolowera, makoma am'mbali muwasiye oyera. Tiyeni titsate ntchitoyi ndi chitsanzo cha holo yofolera malata, ya mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, komiti ya anthu asanu ndi mmodzi, ndipo msungichuma wa mpingo wapereka K60,000 basi.

Yambani patatsala masabata atatu, ndipo msonkhano woyamba muchitire m'holo momwemo. Tengani tepi yoyezera, muyeze khoma lakutsogolo, muone pomwe pali misomali kale ndi pomwe mitanda ya denga ikudutsa. Disembala ndi nthawi ya mvula, choncho funsani amene amasesa kuti denga limadontha pati, ndipo muike chizindikiro pansi ndi choko. Pamalo pamenepo sipayenera kupachikidwa nsalu kapena pepala. Tsiku lomwelo kaonaneni ndi abusa kapena bambo mfumu, muwafunse zomwe zili zololedwa kuguwa. Kwa Akatolika ndi Aangilikani mtundu wa nsalu si wongosankha: nyengo ya Adiventi ndi ya pepo, ndipo zoyera ndi zagolide zimalowa pa Khirisimasi penipeni. Mukapachika zoyera nthawi yake isanakwane mudzauzidwa kuti mutsitse.

Kenako gawanani ntchito, aliyense yakeyake ndi dzina lake polembedwa. Mmodzi asunge ndalama ndi malisiti, wina asunge kope la zobwereka, awiri ayang'anire nsalu, wina zomera ndi maluwa, wotsala makwerero ndi magetsi. Ntchito ya "tonse tichita" ndi imene imapezeka isanachitike pa 24 madzulo.

Mtima wa ntchito yonse ndi nsalu yakutsogolo, ndipo imeneyi musagule, bwerekani. Amayi a Mvano kapena a m'miphakati ali ndi zitenje zofanana zomwe adagulira limodzi pa misonkhano ndi maukwati. Lengezani Lamulungu kuti mukufuna zitenje za mtundu umodzi kapena iwiri yokha, ndipo nenani poyera kuti sizidulidwa, sizisokedwa, sizikhomedwa msomali. Mawu amenewa ndi amene amachititsa mayi kutulutsa chitenje chake chabwino m'sutikesi.

Kuwerenga kwake n'kotere. Khoma lathu ndi la mamita 10, koma tikuphimba mamita 6 apakati okha, kumbuyo kwa guwa. Chitenje chimodzi chimatalika pafupifupi mamita awiri, ndipo m'lifupi chimapitirira pang'ono mita imodzi. Mukachipachika choimirira n'kuchikwinya kuti chikhale ndi mapindo, chimaphimba masentimita pafupifupi 70. Ndiye pa mamita 6 pakufunika zitenje zisanu ndi zinayi. Pemphani khumi ndi ziwiri, chifukwa zina zidzabwera zosuluka ndipo mudzazibisa kumapeto kapena kuzibweza mwaulemu. Kokani waya wolimba kuchoka mbali ina kufika ina, mamita awiri ndi theka kuchokera pansi, ndipo muumangirire pamsomali wapakati kapena kumtanda wa denga. Mukadalira nsonga ziwiri zokha wayayo amagwa mimba, nsalu zonse n'kutsetserekera pakati. Pindani mutu wa chitenje chilichonse pawaya, mugwirize ndi mapini otseka kumbuyo. Pansi padzatsala mpata wa theka la mita, ndipo umenewo ndi malo a zomera. Mukasinthanitsa chitenje chamaluwa ndi nsalu yoyera ya pabedi, maso amapumula ndipo zitenje zofunika zimachepa.

Wosunga kope alembe mwini wa chitenje chilichonse ndi maonekedwe ake, amatenso kapepala ka dzina pakona yakumbuyo ndi pini. Zitenje zofanana zikasokonezeka pobweza, mkangano wake umafika mpaka Pasaka, ndipo chaka chamawa palibe adzabwereketse.

Nanga K60,000 ija ipite kuti? Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, choncho ganizani m'magawo. Theka, K30,000, ligule zogwirizira: waya, mapini otseka, twaini, misomali ya konkire ndi riboni yamtundu umodzi. Zimenezi sizioneka, koma ndizo zimasunga chilichonse m'malo mwake, ndipo zambiri mudzazigwiritsanso ntchito chaka chamawa. K15,000 igule mapepala amitundu, K9,000 ikhale ya mayendedwe ndi tiyi wa ogwira ntchito, K6,000 yotsala musaikhudze kufikira tsiku lomaliza, pakuti china chake chidzaduka.

Selotepi musaidalire. Pakhoma lopaka laimu imagwira fumbi lokha, ndipo chinyezi cha mvula chimaimasula usiku umodzi. Pakhoma la penti imachoka ndi penti yomwe. Chilichonse chimangidwe ndi twaini. Mapepala ofewa okwinyika aja amatulutsa mtundu akangonyowa, ndipo dontho limodzi lofiira pansalu yoyera ya guwa silichoka msanga, choncho akhale kutali ndi nsalu zobwereka. Mabaluni nawo, pansi pa malata otentha, amayamba kuphulika ulaliki uli mkati. Ngati ana akuwafunitsitsa, ikani ochepa pakhomo panja, osawapopa kwambiri.

Ana a Sande sukulu apatseni ntchito ya maunyolo a mapepala. Pepala la A4 limatuluka timizere tisanu ndi tinayi ta masentimita atatu, ndipo mapepala awiri amapanga unyolo wopitirira pang'ono mita imodzi. Zomatira ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa kapena wa tirigu, lophikidwa mpaka litayamba kunanda. Mumate patatsala masiku awiri kapena atatu kuti aume, ndipo muwasunge popachika, chifukwa mphemvu ndi makoswe zimakonda phalalo. Maunyolo awiri oyenda pamwamba pa kanjira kapakati, kuchoka pakhomo kulunjika kuguwa, ndi okwanira.

Zomera ndi zaulere, koma zili ndi nthawi yake. Nthambi za kanjedza ndi mphukira za nthochi zokumbidwa ndi mizu yake zikhoza kulowa pa 23 kapena pa 24. Ziimikeni m'ndowa zodzaza mchenga wonyowa, ndowazo muzikulunge ndi chiguduli kapena chitenje chakale. Maluwa othyola, makamaka a bogenivilia, amafota msanga, ndiye athyoledwe m'mamawa wa tsiku la mapemphero n'kulowa m'madzi nthawi yomweyo. Gwedezani nthambi iliyonse panja musanailowetse, kuopa nyerere ndi mbozi zokwera m'miyendo ya akwaya.

Ngati mukumanga khola la Yesu, udzu wouma ndi kandulo zisayandikane. Magetsi akazima anthu amathamangira kuyatsa makandulo paliponse, choncho konzeranitu nyali za sola kapena tochi, ndipo kandulo iliyonse ikhale m'botolo kapena m'mbale ya mchenga, kutali ndi nsalu. Chingwe cha magetsi chisadutse pomwe padzadutse anthu opita kukapereka chopereka.

Pa 24 masana, ntchito itatha, mmodzi akakhale pabenchi yakumbuyo kwenikweni, wina aime paguwa, wina pomwe pamaima kwaya. Wakumbuyo anene ngati nthambi ikubisa nkhope ya wolalikira, ngati waya wapendekeka, kapena ngati zilembo zapakhoma sizikuwerengeka. Musanabalalike gwirizanani tsiku lotsitsa ndi amene adzachape zitenje, ndipo waya, mapini ndi riboni zidzalowe m'katoni imodzi yolembedwa, kope la zobwereka ndi malisiti zili pamwamba, kuti komiti yachaka chamawa idzayambire pamenepo.