Kalata yosiya ntchito ya akauntanti

"Ndine akauntanti kuno ku Mzuzu, ndapeza ntchito kwina, kalata yosiyira ndilembe bwanji?"

Achimwene, yambani mwaona kontrakiti, ambiri olandira pamwezi notisi imakhala mwezi umodzi. Kalatayo ipite kwa bwana, kope kwa HR, mulembe kuti mukusiya, ndipo tsiku lomaliza mulitchule, mukapereka pa 1 Juni mumalize pa 30 Juni. Chifukwa chochokera sichofunika. Kenako ndime ya handova, apa ndiye pofunika, nenani kuti mutseka mabuku a mweziwo, kufananitsa banki ndi kashibuku, PAYE ndi VAT za ku MRA zomwe zatsala, komanso amene mumusiyire mafayilo ndi makiyi. Pemphaninso akuchotseni pa osainira ku banki, zikadzasokonekera dzina lanu lisapezekepo. Kope lanu asainepo ndi deti, musunge.