Momwe mungalembere imelo yopepesa maliro kwa mnzanu wa pa bizinesi

Tiyerekeze kuti muli ndi shopu ya mapepala ndi zolembera ku Lilongwe, ndipo kwa zaka zinayi mwakhala mukupikula katundu kwa bambo wina wa ku Limbe. Lolemba m'mawa mwaimba foni, wantchito wawo n'kukuuzani kuti bwana kulibe, apita kumudzi ku Thyolo, mayi awo atisiya. Kunyumba kwawo simunafikeko ndi kale lomwe, komanso pali makatoni amene munalipira kale koma sanafike.

Kukanakhala pafupi mukanapita kukakhuza maliro, chifukwa imelo siilowa m'malo mwa kukhala pasiwa. Koma poti n'kutali, ndipo foni ya namfedwa imakhala ikungolira, kalata imawapatsa mpata woti awerenge mtima ukakhalako pansi.

Musanalembe chilichonse, tsimikizani za amene wamwalira. Kwathu kuno mawu oti mayi angatanthauze mayi wobereka, mayi aakulu kapena mayi aang'ono. Funsani wantchito uja mwaulemu, ndipo funsaninso ngati mwambo woika m'manda wachitika kale. Asilamu kawirikawiri amaika tsiku lomwelo kapena mawa lake, choncho musalembe ngati maliro akadali m'nyumba pomwe anthu anabwerako kale kumanda. Tumizani tsiku lomwe mwamva uthengalo.

Kenako tsegulani imelo yatsopano. Musadine Reply pa makalata a mitengo ndi malisiti aja. Ine bambo anga atamwalira ndinalandira chipepeso cha mawu abwino ndithu, koma pansi pake panali mndandanda wa ngongole ya mwezi wathawo, ndipo chimene ndimakumbukira mpaka lero ndi ngongoleyo. Pa Subject lembani mawu ochepa, monga "Pepani ndi zovuta zakugwerani". Pa CC musaikepo munthu. Ngati imelo yanu imadziikira yokha kumapeto mawu otsatsa malonda, afufuteni, patsale dzina lanu ndi nambala ya foni.

Kalata yakeyo ikhale yaifupi, yoti munthu wotopa ndi kugona pamphasa aiwerenge m'mphindi imodzi:

"Bambo, ndamva m'mawa uno kuti mayi anu atisiya. Pepani kwambiri. Sindinawaonepo, koma ndimakumbukira momwe munkawatchulira nthawi yokolola, pamene munkatseka shopu msanga kuti mukawaone. Ine ndi anzanga onse kuno tikulira nanu limodzi. Za ntchito musadere nazo nkhawa, zonse zidikira mpaka mudzabwere. Musavutike n'kuyankha kalata ino. Ambuye akutonthozeni pamodzi ndi banja lonse."

Chiganizo chokumbukira chija ndiye mtima wa kalatayo, chifukwa chimaonetsa kuti zaka zonsezi mumawamvetsera ngati munthu. Koma chikhale choona. Ngati sanakuuzenipo chilichonse za mayi awo, chisiyeni, "pepani" yekha akwanira. Aitaneni momwe mumawaitanira masiku onse. Ngati mumati bambo, musasinthe lero n'kuyamba kuti achimwene.

Pali zinthu zimene pakamwa pamafuna kunena koma sizoyenera m'kalata yotere. Musafunse kuti chawatenga n'chiyani. Matenda ndi nkhani ya pabanja, akafuna adzakuuzani okha. Musalembe kuti "anali atakula kale" kapena "apumula", ngakhale mayiwo atakhala ndi zaka 90, chifukwa kwa mwana wawo ndi mayi basi. Mawu oti "ndikudziwa momwe mukumvera" nawonso amatembenuzira nkhani kwa inu. Za chipembedzo, ngati mukudziwa kuti ndi Mkhristu mnzanu, kutchula Ambuye kulibe vuto. Ngati simukudziwa, "Mulungu akulimbikitseni" kapena "tili nanu m'maganizo" n'kokwanira, ndipo mavesi atalitali asiyireni abusa pasiwa.

Chipepeso cha ndalama chiyende pachokha. Funsani wantchito uja nambala imene banja likulandirira, mutumize pa Airtel Money kapena Mpamba. M'kalata musalembe kuchuluka kwake. Komanso musanene kuti mwachotsera pa ngongole, kapena kuti adzachotsere pa katundu, chifukwa pamenepo chipepeso chasanduka malonda.

Nanga makatoni aja? Ngati makasitomala akukupanikizani, kambani ndi amene wasiyidwa kuti aziyang'anira shopu, osati ndi namfedwa. Ngati nkhaniyo ikufunika bwana weniweniyo, dikirani pafupifupi masabata awiri, kapena mpaka mutamva kuti abwerera kuntchito. Mukatero lembani imelo ina yapadera. Yambani ndi kufunsa ngati anafika bwino ndi momwe aliri anthu kumudzi, kenako tchulani nambala ya lisiti ndi tsiku limene munalipira, n'kuwafunsa tsiku limene iwo akuona kuti angathe kutumiza katunduyo.