Olemba anayi, liwu limodzi: kasamalidwe ka uthenga wa achinyamata wa pa sabata

Magulu ambiri a achinyamata m'mipingo yathu muno mu Harare amatumizirana uthenga waufupi wa Mawu a Mulungu pa foni kamodzi pa sabata, ndipo olemba amasinthana. Vuto limayambira pa kusinthanako. Sabata ino mlongo wa ku Mufakose walemba mizere isanu yofatsa. Sabata yamawa mbale wa ku Epworth watumiza ulaliki wathunthu, wodzaza ndi zilembo zikuluzikulu. Wowerenga sadziwa ngati atsegule ali mu kombi kapena adikire mpaka madzulo, ndipo akati adikire, nthawi zambiri satsegulanso. Atsogoleri a achinyamata, mankhwala ake ndi pepala limodzi la muyeso ndi mkonzi mmodzi. Wobzala chimanga amakoka chingwe kuti mizere iwongoke ngakhale obzala ali ambiri, ndipo pepalalo ndiye chingwe chanu.

Yambani ndi utali, chifukwa ndiwo wosavuta kuyeza. Musangowerenga chiwerengero cha mawu. Mawu a Chichewa ndi aatali: "sindidzakusiyani" ndi mawu amodzi, koma ali ndi maphatikizo asanu ndi awiri. Muyeso wokhulupirika ndi wotchi. Wolemba awerenge uthenga wake mokweza, mosathamanga, ndipo uthe mkati mwa mphindi imodzi ndi theka. M'Chichewa amakhala mawu pafupifupi 150. Ukafika mphindi ziwiri, pali chofunika kudula. Ukapanda kufika ngakhale mphindi imodzi, kawirikawiri wolemba wangokopera vesi osalitambasula.

Mphindi ndi thekayo igawidwe mofanana sabata iliyonse: vesi limodzi kapena awiri pamwamba, kutambasula kwa mfundo imodzi, chitsanzo chimodzi cha moyo wa kuno, funso limodzi, kenaka pemphero la ziganizo ziwiri. Gawo la kutambasula ndilo lalikulu, litenge pafupifupi theka la uthenga wonse.

Tiyerekeze kuti wolemba wapatsidwa Marko 4:35-41, nkhani ya namondwe panyanja. Wabweretsa mawu 420. Wayamba ndi moni wa ndime yathunthu, wakopera mavesi onse asanu ndi awiri, wapita kwa Yona, wadutsa pa Salimo 107, wafikanso pa kusweka kwa ngalawa ya Paulo m'buku la Machitidwe 27. Zonsezo ndi zoona, koma ndi mauthenga anayi. Mkonzi amufunse funso limodzi lokha: "Achimwene, munthu akatseka foni, mukufuna atsale ndi chiyani?" Akayankha kuti Yesu anali m'ngalawa momwemo ngakhale anali mtulo, vesi la pamwamba likhale la 38 lokha. Moni utsike kufika pa mzere umodzi. Yona ndi Paulo asungidwe, adzakhala mitu ya masabata ena. Chitsanzo chikhale chimodzi, monga mnyamata amene watumiza makalata ofunsira ntchito koma osayankhidwa. Funso lichokere m'vesi 40, pamene Yesu akufunsa za mantha awo. Mukawerenganso mokweza mupeza kuti mwafika pa muyeso popanda kusintha zimene wolemba amafuna kunena. Mkonzi adule, koma asalembe m'malo mwa mwini wake. Akayamba kulembera anthu, pakatha miyezi ingapo adzatsala yekha.

Liwu ndilo limavuta. Choyamba gwirizanani kuti uthenga ukulankhula ngati ndani. Pali njira zitatu: "ife", "inu" ndi "iwe". "Iwe" amalasa, koma pagulu pali akulu a mpingo ndi amayi abusa amene amawerenga nawo, ndipo mwana wa Fomu 3 akalemba kuti "iwe lapa" samveka bwino. "Inu" ndi waulemu, koma amamuika wolemba pa guwa, anzake pansi. Ine ndimalangiza "ife": "timachita mantha", "tikaona kuti Ambuye achedwa". Mukasankha, musasinthe pakati pa ndime. Chizindikiro cha uthenga wosokonekera ndi ichi: umayamba ndi "tonse timalakwa" n'kuthera pa "inu muyenera kusintha".

Chachiwiri ndi Baibulo lomwe mukugwiritsa ntchito. Ntchito ya mishoni pakati pa Amalawi obwera kudzagwira ntchito kuno, imene inabala mpingo wa CCAP m'dziko muno, inayamba mu 1912, ndipo Sinodi ya Harare inakhazikitsidwa mu 1965. Agogo ambiri anakula ndi Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922 ndipo limati Yehova. Buku Loyera la mu 1998 limati Chauta. Wolemba wina akatenga vesi m'buku loyamba, wina m'lachiwiri, wachitatu n'kumasulira yekha kuchokera m'Chingerezi cha pa foni, owerenga amamva ngati mipingo itatu. Sankhani limene limawerengedwa pa guwa la mpingo wanu, ndipo kumasulira vesi pamtima kulekeke.

Chachitatu ndi Chishona. Ana athu anabadwira ku Mbare, Highfield ndi Mabvuku, ndipo ambiri Chishona chimawabwerera msanga kuposa Chichewa. Kuchiletseratu n'kuthamangitsa olemba. Ikani malire omveka: vesi, kutambasula ndi pemphero zikhale m'Chichewa, ndipo dzina likhale Mulungu nthawi zonse, osati lero Mulungu mawa Mwari. M'chitsanzo cha moyo wa m'tauni mokha ndimo mawu a kuno aloledwe, poti palibe amene amati anakwera minibasi ku Mbare Musika.

Kayendedwe ka ziganizo kamayezedwa ndi mpweya. Chiganizo chimene simungachimalize popanda kupuma pakati chiduleni pawiri, makamaka pamene pali "ndipo" wachitatu. Komanso ziganizo zifupizifupi zokhazokha zimamveka ngati kukalipa. Ziwiri zazitaliko zitsatidwe ndi chachifupi. Zizolowezi za pa guwa, monga "Aleluya!" ndi "Ameni?" pa mzere uliwonse, zimakoma pamene mpingo ukuyankha. Pa foni palibe woyankha, choncho zimangotalikitsa uthenga. Ameni mmodzi kumapeto kwa pemphero akukwana.

Tsiku ndi ola nazonso zisamasinthe. Ngati uthenga umatuluka Lolemba 6 koloko m'mawa, wolemba apereke Lachisanu, mkonzi akonze Loweruka, mkulu wa mpingo woyang'anira achinyamata aone za chiphunzitso Lamlungu akaweruka ku tchalitchi. Sungani mauthenga awiri okonzeratu, osamangika ku nyengo iliyonse. Magetsi akazima kapena bandulo ikatha, mumatulutsa umodzi mwa iwo. Olemba amene akulemba mayeso a Fomu 4 ndi Fomu 6 mu Okutobala ndi Novembala achotsedwe pa ndandanda nthawi isanakwane.

Muyeso uli ndi malire ake. Pakagwa maliro m'gulu, funso la kumapeto lichotsedwe, pemphero litalike. Sabata ya Pasaka mukhoza kulola ndime yaitali ya m'Baibulo. Amene aganize zopatuka chotere ndi mkonzi, osati wolemba aliyense payekha.

Pakutha pa mwezi, ikani mauthenga anayi pamodzi, bisani mayina, mupatse munthu amene salemba nawo kuti awerenge mokweza wina atagwira wotchi. Akazindikira wolemba chifukwa cha chitsanzo chimene wasankha, palibe vuto, umenewo ndi umunthu wake. Akamuzindikira chifukwa cha utali, cha "iwe" kapena cha Baibulo losiyana, mkonzi akhale naye pansi wolembayo ndi pepala la muyeso isanafike sabata yake yotsatira.