Momwe mungalembere imelo yoperekeza kotesheni kuti mtengo usadzakupwetekeni

Ndimagulitsa mapepala, tona ndi zipangizo zina za muofesi ku Lilongwe, ndipo makasitomala ambiri amayamba ndi mawu amodzimodzi: titumizireni kotesheni. Kotesheniyo sindikuphunzitsani, mukuidziwa kale. Isungeni ngati PDF, muipatse nambala, basi. Nkhani yanga ili pa imelo imene imaperekeza kotesheniyo, chifukwa munthu wogula zinthu pa ofesi amalandira makotesheni atatu kapena kuposa, ndipo timawu ting'onoting'ono ta pansi pa PDF sawerenga. Chimene amawerenga, ndi kutumiza kwa abwana ake, ndi imelo yanu.

Yambani ndi mutu. Pa malo olembedwa Subject ikani nambala ya kotesheni, katunduyo ndi tsiku limene mtengo uthere, mwachitsanzo: Kotesheni 047, mapepala a A4 marimu 200, mtengo utha pa 6 Novembala. Akamaifufuza pakatha mwezi, tsikulo limawayang'ana m'maso asanatsegule n'komwe. Kenako moni wachidule, n'kutchula kuti mukuyankha pempho lawo la tsiku lakuti, ndalama zonse pamodzi ndi zakuti, ndipo munene poyera ngati msonkho wa VAT uli momwemo kapena ayi. Ngati simunalembetse VAT ku MRA, neneninso, asadzakufunseni invoisi imene simungathe kupereka.

Tsopano pa nthawi ya mtengo, pamene ine ndinapsa.

Pa 30 Okutobala 2023 ndinatumiza kotesheni ya marimu 200 ku sukulu ina. Kumene ndimaoda, rimu inali pa K8,000, ine ndinaika K9,500, kutanthauza K1,900,000 zonse pamodzi ndi phindu la K300,000 tisanachotse mayendedwe. Mu imelo ndinalemba zimene aliyense amalemba, zakuti mitengoyi igwira ntchito kwa masiku 30. Ndinkangokopera chiganizochi kuchokera mu imelo yakale osachiganizira. Katunduyo ndinalibe, ndinkadalira kukagula oda ikabwera.

Pa 9 Novembala ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mapepala ndi katundu wochokera kunja. Amene ndimaodako anayamba atseka kaye mashelefu kwa masiku angapo, potsegula rimu ili pa K12,800. Pa 24 Novembala sukulu ija inatumiza LPO, chikalata chawo cha oda, pa mtengo wanga wakale. Masiku 30 anali asanathe. Nditawaimbira a basala anandiyankha mwaulemu kuti, "Achimwene, ife tatsatira zimene munalemba nokha." Sananame. Kugula marimu 200 kunanditengera K2,560,000, ndiye kuti ndinaluza K660,000 pa ntchito imene ndinkati ndipindula. Ndikanatha kukana, koma sukuluyo imandipatsa ntchito teremu iliyonse.

Cholakwika sichinali masiku 30 okha. Zinali zitatu. Ndinalonjeza nthawi yaitali kuposa imene ondigulitsa akanandisungira mtengo. Sindinanene chimene kasitomala ayenera kuchita nthawiyo isanathe. Ndipo sindinadzisiyire khomo lotulukira ndalama ikagwa.

Choncho musanalembe ndimeyi, imbirani kaye kumene mumaoda muwafunse kuti mtengowu ausunga mpaka liti. Akati sabata imodzi, inu perekani masiku asanu. Katundu amene ali kale m'sitolo mwanu mutha kumupatsa masiku 14, komabe kumbukirani kuti mukamugulitsa mudzafunika kugula wina pa mtengo watsopano. Musalembe chiwerengero cha masiku, lembani tsiku ndi ola, chifukwa "masiku asanu" wina amawerenga kuyambira pamene watsegula imelo, wina amachotsamo Loweruka ndi Lamlungu. Ine masiku ano ndimalemba chonchi:

"Mitengoyi ndi ya mpaka Lolemba pa 6 Novembala, 4 koloko masana. Kuti mtengowu usungidwe, pofika nthawiyi tikhale titalandira LPO yanu komanso theka la ndalama. Ngati Reserve Bank of Malawi isintha mtengo wa kwacha pa dola tisanalandire ziwirizi, tidzakutumizirani kotesheni ina."

Chiganizo chapakaticho ndiye chofunika kwambiri. Popanda icho, munthu amangoyankha kuti "tavomera" tsiku lomaliza, ndalama n'kudzabwera patatha miyezi iwiri, inu mutamangidwa pa mtengo wakale. Maofesi ena, makamaka aboma ndi mabungwe akuluakulu, amalamula okha kuti mtengo ukhale masiku 30 kapena kuposa, ndipo salipiriratu. Pamenepo musakangane nawo. Ikani mtengo umene mungaupirire nthawi yonseyo, kapena perekani kotesheni ya katundu yekha amene muli naye m'manja. Pali anzathu ena amene amaika mtengo wotsika kwambiri kuti apambane, kenako n'kupereka tona yothiridwanso m'katoni yowoneka yatsopano. Nawo musapikisane. Ingolembani mu imelo dzina ndi nambala ya tonayo, ndi kuti ndi yeniyeni yosatsegula. Printa ikayamba kudetsa mapepala adzakukumbukirani.

Ndime yotsatira ndi ya kaperekedwe ka katundu. Apa yankhani mafunso anayi: liti, kuti, mayendedwe alipira ndani, atsitsa ndani. Masiku muziwerenga kuyambira pamene ndalama yoyamba yaoneka mu akaunti, osati pamene munatumiza imelo, ndipo mutchule kuti ndi masiku ogwira ntchito. Malo muwatchule enieni. "Tidzabweretsa" sizikwanira, chifukwa ofesi ikhoza kukhala ku Area 47 koma katunduyo akufunika ku nthambi yawo ku Mchinji, ulendo wa makilomita oposa 100. Lembani kuti mtengowu ukuphatikiza kufikitsa katundu ku sitolo yawo mumzinda wa Lilongwe pasanathe masiku atatu ogwira ntchito, kunja kwa mzinda mayendedwe ndi apadera. Za otsitsa musazipeputse. Marimu 200 ndi makatoni 40, ndipo ngati ofesi ili pamwamba, anyamata onyamula mudzawalipira ndinu. Onjezani kuti wolandira awerenge ndi kusaina pomwepo, ndipo chosowa kapena chowonongeka anene pasanathe masiku awiri.

Malipiro ndiye osavuta. Theka poyamba, theka linalo pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku la invoisi, kapena zimene mwagwirizana, bola tsiku loyambira kuwerenga lidziwike. Lembani dzina la akaunti, banki, nambala ya akauntiyo ndi TPIN yanu, imene ndi nambala yanu ya msonkho, muwapemphe kuti polipira aike nambala ya kotesheni. Nenaninso kuti katundu amatuluka ndalama yoyamba ikaoneka mu akaunti. Chithunzi cha risiti ya kubanki cha pa WhatsApp aliyense atha kuchipanga. Ngati muli ndi satifiketi ya MRA yoti asakuduleni msonkho polipira, itumizeni limodzi, apo ayi ndalama idzafika yoperewera.

Tsekani ndi pempho limodzi lokha, loti ayankhe imeloyi ndi LPO nthawi ija isanakwane, kenako dzina lanu ndi nambala ya foni. Musanadine Send, tsegulani PDF muone ngati tsiku ndi ndalama zikufanana ndi za mu imelo, chifukwa zikasiyana kasitomala amasankha zomukomera. Kutatsala tsiku limodzi kuti mtengo uthe, akumbutseni poyankha pa imelo yomweyo, osayamba ina, kuti zonse zikhale pamalo amodzi.