Kusandutsa kope la m'shopu kukhala kaundula wa makasitomala

Mukagulitsa mbewu ndi feteleza kuno ku Chipata, kaya muli ku Kapata kapena muli ndi kashopu m'mbali mwa msewu wopita ku Lundazi, maina a anthu amene amakugulani muli nawo kale. Vuto ndi lakuti amwazikana. Ena ali m'kope la zogulitsa, ena m'kope la ngongole, ena m'foni, ndipo ena ali m'mauthenga a Airtel Money ndi MTN MoMo amene amabwera munthu akalipira. Ikafika Disembala, yureya wabwera, mumangokhala pakhomo la shopu kudikira kuti mlimi akumbukire yekha za inu, pomwe mnzanu wa shopu yoyandikana naye wamuimbira kale foni. Cholinga cha kaundula ndi choti m'mawa uliwonse muzidziwa munthu woyenera kumuimbira lero, komanso chomuuza.

Lamulo loyamba ndi lakuti munthu mmodzi akhale ndi mzere umodzi, ndipo chomuzindikirira chikhale nambala ya foni, osati dzina. Kuno Kummawa a Phiri, a Banda, a Tembo ndi a Zulu ndi ambirimbiri. Tiyerekeze kuti m'kope la Novembala munalemba kuti "Phiri, mbewu 10 kg". M'kope la ngongole muli "Bambo Phiri a ku Chiparamba, atsala ndi K150". M'foni munasunga "Phiri feteleza", ndipo uthenga wa ndalama unabwera ndi dzina la mayi, chifukwa simu inalembetsedwa ndi akazi awo. Apa pakuoneka anthu anayi, koma n'kutheka kuti ndi khomo limodzi, n'kuthekanso kuti ndi makomo atatu osadziwana n'komwe. Chimene chingakuuzeni zoona ndi nambala yokha. Ngati nambala ya pa uthenga wa ndalama ikufanana ndi ya "Phiri feteleza", ndipo tsiku ndi ndalama zikugwirizana ndi zimene zili m'kope, amenewo ndi mmodzi. Zikapanda kugwirizana, musawaphatikize mongoganizira. Asiyeni m'mizere yosiyana mpaka mwini wake atabwera kapena mutamuimbira. Kuphatikiza anthu awiri molakwika n'koipa kuposa kulemba munthu mmodzi kawiri, chifukwa mudzauza munthu nkhani ya mbewu imene sanagule, ndipo adzaona kuti simumudziwa.

Nambalazo zimafuna kuziyeretsa musanazikhulupirire. Nambala ya foni ya m'Zambia ili ndi manambala 10 mukawerenga ndi 0 wakutsogolo: zambiri za Airtel zimayamba ndi 097 kapena 077, zambiri za MTN ndi 096 kapena 076, ndipo zambiri za Zamtel ndi 095. Mukapeza yokhala ndi manambala 9 kapena 11, dziwani kuti dzanja linaphonya polemba. Sankhani kalembedwe kamodzi, ndipo ine ndimalangiza kuchotsa 0 ndi kuyamba ndi +260, popanda mipata pakati. Koma chenjerani, popeza tili pafupi ndi Mwami. Makasitomala ena amachokera ku Mchinji, ndipo nambala za ku Malawi zambiri zimayamba ndi 099 kapena 088. Zimenezo zimafuna +265. Mukaziika +260 ndiye kuti munthuyo mwamutaya.

Kaundulayo musamuchulutse mizati. Ngati mulibe kompyuta, gulani kope lachikuto cholimba, mulitsegule masamba awiri oyang'anizana, mujambule mizere ndi rula. Ngati muli ndi foni yamakono, Google Sheets imagwira ntchito yomweyo. Mitu ya mizati ikhale iyi:

```
Nambala | Dzina | Mudzi | Mwini foni | Anagula | Tsiku | Wavomera | Tsiku lomuimbira
```

Mzati wa mwini foni ambiri amauiwala, koma kumudzi ndi wofunika kwambiri. Agogo amene amakugulani mbewu ya nshawa chaka ndi chaka mwina alibe foni, nambala imene anakupatsani ndi ya mdzukulu, kapena ya mlembi wa kopaletivu. Lembani zimenezo, kuti poimba mudzayambe ndi kupempha kuti, "Ndimafuna kulankhula ndi agogo aNaphiri," osati kungoyamba kutchula mitengo kwa mwana wa sukulu.

Amene mukugwiritsa ntchito Google Sheets kapena Excel, pali msampha umodzi. Pulogalamuyo imaona nambala ya foni ngati chiwerengero cha masamu, choncho imadya 0 wakutsogolo kapena chizindikiro cha +. Mukaona nambala zanu zikuyamba ndi 97 kapena 260 chabe, ndiye kuti zachitika. Yambani nambala iliyonse ndi kachizindikiro ka ' kapena sinthani mzati wonsewo ukhale Plain text mu Google Sheets, kapena Text mu Excel, musanayambe kulemba. Nambala za m'foni simuyenera kuzikopera imodziimodzi ngati zinasungidwa mu akaunti ya Google: lowani pa contacts.google.com, sankhani Export, kenako Google CSV. Zimene zili pa simu kadi yokha siziwoneka kumeneko mpaka mutazisamutsira mu akauntiyo. Mukatsegula fayilo ya CSV ija mu Google Sheets, chotsanimo achibale, azibusa ndi anzanu a mpira, kutsale ogula okha, ndipo nambala zawo muziike mu mzati A wa kaundula. Kuti mupeze nambala zobwerezedwa, lembani izi pa mzere wachiwiri wa mzati wopanda kanthu, n'kuzikokera pansi:

```
=COUNTIF(A:A,A2)
```

Paliponse pamene patuluka 2 kapena kuposa, munthuyo walembedwa kangapo. Ogwiritsa ntchito kope angachite zofanana pogawa masamba potengera nambala yomalizira ya foni, kuyambira 0 mpaka 9. Kasitomala akabwera mumangofunsa nambala yake, n'kutsegula tsamba lake, ndipo mumaona nthawi yomweyo ngati alimo kale.

Tsopano tifike pa mzati womaliza, umene ndi mtima wa ntchito yonseyi. Tsiku lomuimbira munthu silichokera m'mutu mwanu, limachokera pa zimene anagula. Tibwerere kwa a Phiri a ku Chiparamba. Kope likuti pa 20 Novembala anagula mbewu ya chimanga yokwana 10 kg ndi matumba 2 a feteleza wokulitsa. Pa malangizo amene timapereka kawirikawiri, lima imodzi, imene ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, imafuna mbewu pafupifupi 5 kg, thumba limodzi la 50 kg la feteleza wokulitsa ndi thumba limodzi la wobereketsa. Ndiye kuti a Phiri akulima malima 2, ndipo akusowa matumba 2 a yureya amene sanagule tsiku lija. Feteleza wobereketsa amathira chimanga chikafika m'maondo, pafupifupi masabata 4 chimerereni. Ngati mvula yodzalira inagwa kumapeto kwa Novembala, a Phiri adzafuna yureya chakumapeto kwa Disembala. Inu muwaimbire masiku 10 nthawiyo isanakwane, tinene pa 15 Disembala, kuti akhale ndi mpata wofunafuna ndalama, kaya agulitsa mbuzi kapena adikira mwana wa ku Lusaka atumize. Mukaimba pa tsiku lenilenilo mudzapeza atagula kwina, kapena ataganiza zongosiya osathira.

Tsikulo lisakhale lokhomerera. Mvula ikachedwa ndi masabata 2, sunthani masiku onse a gulu limenelo ndi masabata 2. Ndipo popeza mvula ya ku Chadiza si ya ku Chipangali, mzati wa mudzi ndi umene udzakuthandizeni kusuntha okhawo amene akhudzidwa. Ngati a Phiri ali pa pulogalamu ya FISP, afunseni ndi kulemba pambali, chifukwa mwina yureya wawo ali naye kale ndipo foni yanu ikhale ya mankhwala a mbozi m'malo mwake. Mukatha kulankhula nawo, lembani tsiku lina lotsatira. Kwa mlimi wa chimanga, lina labwino ndi chakumayambiriro kwa Meyi, pamene akuyamba kuganiza za matumba ndi mankhwala a anankafumbwe. Mzere wopanda tsiku lotsatira umangogona, palibe amene amaubwereranso.

Za mzati wa "Wavomera" ndikufuna ndinene mosabisa. Munthu amene anakupatsani nambala kuti mumukongoze feteleza sanakupatseni kuti muzimutumizira malonda. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act la 2021, ndipo limapatsa munthu ufulu wokana kuti nambala yake igwiritsidwe ntchito pa malonda. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, ulemu womwe umafuna kuti mufunse. Pa kauntala, mukamupatsa chenji, nenani kuti, "Bambo, katundu watsopano akafika ndingakudziwitseni pa nambala iyi?" Akavomera lembani Inde ndi tsiku. Akakana lembani Ayi, koma mzere wake musaufufute, chifukwa mukaufufuta wantchito wanu adzamulembanso mawa n'kumutumizira uthenga. Nambala za chitupa cha NRC musaike m'kaundulayu, sizikufunika. Ngongole nazo zikhale m'kope lakelake. Ndikudziwa kuti ambiri amafuna zonse pamodzi, koma kaundula amagwiridwa ndi anyamata a m'shopu, ndipo nkhani ya ngongole ya munthu ikatuluka pa msika, kasitomala ameneyo sabweranso.

Potumiza uthenga, kumbukirani kuti alimi ambiri ali ndi mafoni a mabatani, choncho SMS ndi kuimba ndizo zimafika patali. SMS imodzi imatenga zilembo 160, koma mukaikamo kachithunzi kankhope kapena chilembo ngati ŵ, malirewo amatsika kufika pa 70 ndipo mumalipira mauthenga angapo. Uthenga wa a Phiri ungakhale wotere: "A Phiri, ndi shopu ya mbewu ya ku Kapata. Yureya wafika. Tikusungireni matumba 2 mpaka Lachisanu? Ngati simufuna mauthenga, yankhani AYI." Muli dzina lawo, muli chiwerengero chogwirizana ndi munda wawo, ndipo muli funso loti ayankhe. Kwa amene ali pa WhatsApp, musawaunjike m'gulu, chifukwa m'gulu aliyense amaona nambala za anzake. Gwiritsani ntchito Broadcast list, imene imatenga anthu 256. Koma dziwani kuti uthenga wotere umangofika kwa amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Mukaona kuti pa uthenga wanu kachizindikiro kochonga kakhala kamodzi kokha masiku angapo, mwina munthuyo sanakusungeni kapena alibe mabandulo, choncho muimbireni.

Nambala zimafa. Anthu amataya simu, ndipo imene yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaipereka kwa munthu wina. Mukaimba katatu pa masiku osiyana osapezeka, ikani chizindikiro, n'kufunsa munthu wa m'mudzi womwewo akabwera kudzagula. Akayankha mlendo, pepesani ndi kulemba kuti nambalayo yafa.

Nthawi yabwino yoyamba ntchitoyi ndi Julayi kapena Ogasiti, m'shopu musanadzaze anthu. Musayambe ndi makope a zaka zisanu zapitazo. Tengani a nyengo yathayi okha, ndipo muyambe ndi anthu amene anagula kawiri kapena kuposa. Loweruka lililonse mukatseka shopu, lowetsani ogula a sabata imeneyo, lembani pa kapepala maina a oyenera kuimbiridwa sabata yamawa, ndipo ngati kaundula wanu ndi wa m'kope, jambulani masamba amene asintha ndi foni, kuti kope likanyowa kapena kusowa mukhale ndi poyambira.