Yambani ndi makina ofooka

Aphunzitsi anzanga a kompyuta kuno ku Mangochi, pulogalamu yatsopano musayiyesere pa laputopu yanu. Sankhani makina ofooka kwambiri m'labumo, aja ochedwa kuyaka. Ikayenda pamenepo, kwinako sivuta kwenikweni.

Mukaiyika, tulukani mu akaunti ya `Administrator` n'kulowa ya ophunzira. Apa m'pamene ndinapsa ine: kwanga inkatseguka bwinobwino, koma ana a Fomu 2 atakhala pansi, makina 20 onse ankafuna pasiwedi yanga. Phiriyodi yonse inathera kuzungulira.

Kenako zulani waya wa intaneti, muone ngati ikutsegukabe. Lembani kafayilo, sungani, zimitsani makina, muyatsenso n'kukatsegula.

Muisiye ikuyenda kwa mphindi 40 masana, kutentha kwathu kuno kutafika pake. Dinani `Ctrl+Shift+Esc` muone `Memory`. Ikamakhala pa 90% mbewa n'kumakakamira, kapena fani ikamalira ngati chigayo, pulogalamuyo yawakulira makinawo.

Ikapambana zonsezi, ikani pa makina atatu okha kwa sabata imodzi. Fulashi yonyamulira ija muipime kaye mavairasi.